Mtsuko, Thukuta ndi Dzuwa la ku Rufunsa: Kodi Ntchito Iime Nthawi Yanji?



Ndiyambe ndi chinthu chimene chili m'nyumba mwa pafupifupi aliyense wa ife. Mukathira madzi mu mtsuko wadothi ndi ena m'chigubu chapulasitiki, n'kuziika zonse pa khonde limodzi, pofika masana a mu mtsuko amakhala ozizira bwino pamene a m'chigubu afunda ngati osamba. Mtsuko uja umatuluka thukuta. Madzi amadutsa pang'onopang'ono m'timabowo ta dothi, amafika kunja, ndipo akamauma amachoka ndi kutentha. Koma amayi muli pano mundichitire umboni: mtsuko womwewo umaziziritsa kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo mvula ikagwa, mpweya n'kudzaza chinyezi, kunja kwa mtsuko kumangokhala kuli noninoni, madzi osazizira ngati kale. Zonse zimene ndikambe lero zagona pamenepa, chifukwa thupi la munthu amene akulima, kuphwanya miyala kapena kufukula makala limadziziziritsa mofanana ndi mtsuko.

Munthu akamagwira ntchito yolemetsa, monga kukumba ngalande ndi piki kapena kukankha wilibala yodzaza mchenga, thupi lake limapanga kutentha kwa mawati pafupifupi 400. Akangokhala pansi osachita kanthu limapanga 100 ndi pang'ono. Kutentha kumeneku kuyenera kutuluka, apo ayi magazi ndi ubongo, zimene zimafuna kukhala pa madigiri 37, zimayamba kutentha mopitirira. Khungu lathu limakhala pa madigiri pafupifupi 35. Ndiye mpweya ukafika pa 35 kapena kupitirira, mphepo yokha sichotsanso kutentha m'thupi, imachita kuwonjezera. Njira imene yatsala ndi imodzi basi, thukuta. Lita imodzi ya thukuta ikauma pakhungu imachotsa makilojulo pafupifupi 2,400. Munthu wathu wa piki uja amapanga makilojulo 1,440 pa ola limodzi, choncho ayenera kuumitsa thukuta lopitirira theka la lita pa ola lililonse, ndipo apa sitinawerengere dzuwa limene likumuwomba pamsana.

Mawu oti "kuumitsa" muwagwire bwino. Thukuta limene likuyenderera pamphumi n'kudontha pansi lataya madzi a m'thupi koma silinaziziritse munthu. Loziziritsa ndi lokhalo limene lauma.

Tsono funso limene kapitawo ayenera kufunsa asanapereke ndime si loti kwatentha bwanji ayi. Afunse kuti, kodi mpweya wa lero ulola thukuta kuuma? Chida choyankha funso limeneli n'chosavuta. Mutenga themometa wamba, n'kukulunga kamutu kake ndi kansalu kathonje konyowa. Madzi a pa kansalu akamauma, themometa ija imatsika. Mpweya ukakhala wouma imatsika kwambiri, ukakhala wa chinyezi imatsika pang'ono, ndipo ukadzaziratu chinyezi siitsika n'komwe, imangofanana ndi youma. Nambala imene yaima nayo ndiye kutentha kwa themometa yonyowa. Imakuuzani malire a pamene chinthu chonyowa chingazizire nawo mu mpweya umenewo, kaya ndi mtsuko kaya ndi khungu la munthu.

Agogo athu amene anapita ku Joni ankaidziwa themometa imeneyi ngakhale sankaitchula dzina. M'migodi ya golide ya ku South Africa, kumene anthu ochokera kuno, ku Malawi ndi ku Mozambique anagwira ntchito zaka zambirimbiri, miyala ya pansi imatentha yokha ndipo paliponse pamakhala madzi othira fumbi, kotero chinyezi chimakhala chadzaoneni. Anthu ankafa ndi kutentha, ndipo n'chifukwa chake migodi ija inaika malire ake pa themometa yonyowa. Mpaka pano, malo akafika pa madigiri 27.5 a themometa yonyowa amatengedwa kuti ndi otentha ofunika chisamaliro chapadera, ndipo akapitirira 32.5 ntchito ya masiku onse sigwiridwa. Koma m'mgodi mulibe dzuwa. Ife kuno tili nalo, ndiye themometa yonyowa payokha sitikwanira.

Muyeso wowerengera dzuwa unachokera kwa asilikali. M'zaka za m'ma 1950, anyamata ophunzira usilikali pa Parris Island ku America ankagwa ndi kutentha, ena kumwalira. Akatswiri awiri, Yaglou ndi Minard, anapanga muyeso wophatikiza mathemometa atatu, ndipo anausindikiza mu 1957. Lero umadziwika ndi zilembo zoti WBGT, mudzaziona pa zida zoyezera, ndipo uli m'ndondomeko ya mayiko onse yotchedwa ISO 7243. Themometa yoyamba ndi yonyowa ija, yongoisiya poyera kuti dzuwa ndi mphepo ziipeze monga zimapezera munthu. Yachiwiri imalowetsedwa pakati pa mpira wamkuwa wopanda kanthu mkati, wa masentimita 15 kukula kwake, wopakidwa penti yakuda yosanyezimira. Imeneyi imamva dzuwa ndi kutentha kochokera pa miyala, pa tala kapena pa uvuni. Yachitatu ndi youma, yotchingidwa kuti dzuwa lisaiwombe. Kawerengedwe kake pa dzuwa ndi aka:

```
WBGT = 0.7 × Tnw + 0.2 × Tg + 0.1 × Ta
```

Tnw ndi yonyowa, Tg ndi ya mu mpira wakuda, Ta ndi youma. Taonani mmene agawira. Yonyowa yatenga magawo asanu ndi awiri mwa khumi, ya mu mpira awiri, ndipo youma gawo limodzi lokha. Koma youma imeneyi, ya gawo limodzi, ndi imene timamva pa wailesi ndi kuona pa foni. A zanyengo sakutinamiza ayi, amayeza mpweya pa mthunzi, m'kabokosi koyera kolowa mphepo, chifukwa ndiyo njira yoti ayerekeze malo ndi malo. Kungoti palibe amene amapalira chimanga ali m'kabokosi koyera.

Palinso vuto lina la kwathu kuno. Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe mu 2013, si lathyathyathya. Mukayenda pa msewu wa Great East kuchokera ku Chinyunyu, kudutsa pa boma, kupitirira njira ya ku Mpanshya mpaka kutsetserekera ku mlatho wa Luangwa, mumatsika mamita mazanamazana. Mpweya umatentha ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene mwatsika. Lusaka ili pamtunda, mamita opitirira 1,200. Nambala ya ku Lusaka si ya munthu amene ali m'chigwa cha Lunsemfwa kwa a Shikabeta. Ngakhale m'mudzi umodzi, munda wa pa chitunda pomwe pamawomba mphepo ndi dimba la m'khwawa lozingidwa ndi bango ndi maiko awiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi masiku awiri. Manambala amene ndipereke ndi achitsanzo, ndawasankha kuti afanane ndi zimene munthu angapeze m'dera ngati lathu, koma a pamalo panu mudzayeza nokha.

Tsiku loyamba ndi la mu Okutobala, 1 koloko masana. Kumwamba kulibe kamtambo, udzu unapsa kale, nthaka ikuchita kuwotcha mapazi. Themometa youma ikunena 36. Mpweya ndi wouma kwambiri, chinyezi 20 peresenti, ndiye yonyowa yatsika mpaka 21. Mu mpira wakuda muli 52. Tichulukitse: 21 ndi 0.7 ndi 14.7, 52 ndi 0.2 ndi 10.4, ndipo 36 ndi 0.1 ndi 3.6. Zonse pamodzi 28.7.

Tsiku lachiwiri ndi la mu Disembala. Usiku kunagwa mvula yamphamvu, m'mawa kwacha bwino, dzuwa latuluka, nthaka ikufuka nthunzi, ndipo kamphepo kalibe n'komwe. Themometa youma ikunena 31 yokha, kutsika ndi madigiri asanu poyerekeza ndi tsiku lija. Aliyense akuti kwazizirako. Koma chinyezi chafika 55 peresenti, ndipo yonyowa yaima pa 26. Mu mpira muli 48. Tiwerengerenso: 18.2, kuphatikiza 9.6, kuphatikiza 3.1. Yankho ndi 30.9.

Tsiku limene wailesi ikuti 31 laposa tsiku limene inkati 36, ndipo lapitirira ndi madigiri awiri athunthu. Pa muyeso uwu madigiri awiri ndi mtunda wautali. Ndipo taganizani ntchito imene anthu amagwira masiku amenewo. Mu Okutobala ambiri amaopa dzuwa, amalawirira kumunda n'kubwerako lisanafike pamutu. Mu Disembala udzu sudikira munthu, aliyense ali pa mpikisano wopalira ndi kuthira feteleza, aganyu ali m'minda ya eni ake mpaka masana, ndipo mwina m'mimba mulibe kanthu chifukwa ndi miyezi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka. Sindikunena kuti Okutobala ndi wabwino, ayi, 28.7 ndi nambala yoopsa kale kwa munthu wa ntchito yolemetsa, ndipo mpweya wouma umamwa madzi a m'thupi munthu osazindikira chifukwa malaya sanyowa. Ndikunena kuti chenjezo lisathe tsiku limene mvula yoyamba yagwa. Ndipo mvula ikadula pakati pa dzinja, monga zinachitikira mu nyengo ya 2023 mpaka 2024, chilala chija chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti ndi tsoka la dziko lonse, dzuwa la pamutu limakumana ndi anthu ali mkati mwa ntchito ya kumunda.

Nambala tapeza, nanga tichite nayo chiyani? Bungwe la akatswiri a zaumoyo wa pantchito la ku America, la ACGIH, lili ndi malire amene mayiko ambiri amatsatira. Ndingotchula a ntchito yolemetsa, monga kukumba, kunyamula matumba, kudula mitengo ndi nkhwangwa ndi kuphwanya miyala, kwa munthu amene thupi lake linazolowera kale kutentha. Muyeso ukakhala pa 27.5 kapena kucheperapo, agwire mphindi 45 n'kupuma 15 pa ola lililonse. Kufika pa 29, agwire theka la ola n'kupuma theka. Kufika pa 30.5, agwire mphindi 15 zokha. Kupitirira apo ntchito yolemetsa iime. Ntchito yapakati, monga kuyenda ndi katundu wopepuka kapena kupalira modekha, ingagwiridwe ola lonse mpaka pa 28, ndipo pofika 31.5 yatsala ya mphindi 15.

Tibwerere ku masiku athu awiri. La Okutobala, la 28.7, likutanthauza theka la ola pa piki, theka la ola pa mthunzi. La Disembala, la 30.9, likutanthauza kuti piki igone pansi. Ndikuona akapitawo ena akugwedeza mutu, ndipo ndikumvetsa, ntchito ili ndi tsiku lothera. Koma tsiku lomwelo la Disembala, mukayeza 7 koloko m'mawa mungapeze youma 24, yonyowa 20, mpira 32, zimene zikupereka 22.8. Pamenepo munthu agwira ntchito yolemetsa bwinobwino, kungopuma mwa masiku onse. Muyesowu sukuletsa ntchito, ukusankha maola. Kukumba, kunyamula ndi kusakaniza konkire ziyambe kukangoyera, zithe pofika 10 koloko kapena 11 koloko, ndipo masana akhale a ntchito zopepuka za pa mthunzi, kunola zida, kumanga matumba, kulemba kaundula. Dziko la Qatar linachita kuika m'lamulo mu 2021: m'chilimwe chawo ntchito ya panja siloledwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, ndipo nthawi ina iliyonse muyeso ukapitirira 32.1 ntchito iime.

Mwina ena munamvapo kuti munthu angapirire mpaka themometa yonyowa itafika 35. Nambala imeneyi inatchuka ndi kafukufuku wa Sherwood ndi Huber wa mu 2010, ndipo imanena za munthu wongokhala phee pa mthunzi, pomwe pali mphepo. Ofufuza a pa yunivesite ya Penn State atayesa achinyamata athanzi mu 2022 anapeza kuti matupi awo ankalephera kudziziziritsa pafupi ndi 31, akungoyenda pang'onopang'ono. Musatenge 35 ameneyo n'kupita naye kumunda. Komanso musasokoneze themometa yonyowa payokha ndi WBGT, ndi manambala awiri osiyana.

Malire ndatchula aja ali ndi misampha itatu imene imagwira anthu kawirikawiri. Woyamba ndi wa mlendo. Thupi limaphunzira kutentha, limatenga masiku 7 mpaka 14 kuti liyambe kutuluka thukuta msanga, lambiri, losataya mchere wochuluka. Mnyamata amene wangotsika basi kuchokera ku Lusaka kapena ku Chipata kudzayesa mwayi wa golide, kapena amene wagona sabata yathunthu ndi malungo, alibe chizolowezi chimenecho. Kwa iye malire amatsika ndi madigiri awiri ndi theka mpaka atatu ndi theka. Langizo la bungwe la NIOSH ndi loti munthu watsopano tsiku loyamba agwire gawo limodzi mwa asanu a ntchito ya pa dzuwa, n'kumawonjezera gawo limodzi tsiku lililonse. Koma ife timachita mosemphana, watsopano ndi amene amapatsidwa wilibala, ndipo iye pofuna kuonetsa kuti si mlesi amathamanga nayo.

Msampha wachiwiri ndi zovala. Ovolosi ya nsalu wamba siwonjezera kanthu pa muyeso. Koma munthu akavala ziwiri zosanjikiza, muwonjezere 3 pa nambala imene mwapeza, ndipo akavala chapulasitiki chosatulutsa mpweya, monga amachitira ena popopera mankhwala, muwonjezere 11. Tsiku la 24 limasanduka la 35. Sindikuti opopera avule zodzitetezera, mankhwala aja ndi poizoni. Apopere m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Wachitatu ndi moto. Owotcha makala ndi owotcha njerwa ali ndi dzuwa lachiwiri patsogolo pawo. Munthu amene akufukula makala amalandira kutentha kuchokera pa uvuni, ndipo themometa youma yoikidwa pansi pa mtengo chapatali siikudziwa zimenezo. Mpira wakuda uikidwe pamene munthuyo amaima.

Tsopano za chida. Zilipo zamagetsi za m'manja zimene zimaonetsa WBGT pa galasi. Kontrakitala wa msewu kapena wa chipinda cha sukulu sangalephere kugula chimodzi. Koma gulu la alimi lingapange lake. Mufune mathemometa atatu a mtundu wa mu labotale ya kusukulu, ofika madigiri 100 kapena kupitirira. Ya kuchipatala yoika m'khwapa siithandiza, siiwerenga manambala otsika ngati 21. Yoyamba muiveke chingwe chathonje chonga cha nsapato, choyera, chochapidwa bwino kuti sopo ndi mafuta zichoke, chikute kamutu konse, ndipo nsonga yake ilowe m'kabotolo ka madzi oyera kamene kali pansi pake masentimita awiri kapena atatu. Yachiwiri ilowe mu mpira wachitsulo wopyapyala wopakidwa penti yakuda, kamutu kake kakhale pakati penipeni. Mpira wamkuwa woyandama wa m'thanki ya madzi umagwira ntchito imeneyi. Yachitatu muiikire kadenga kakatoni koyera kuti ikhale pa mthunzi koma mphepo izidutsa. Zonse zipachikidwe pa mtengo, msinkhu wa pamimba pa munthu woimirira, pamalo pamene ntchito ikugwiridwa. Mudikire mphindi 20 kuti mpira ukhazikike musanawerenge, ndipo kukatentha muwerenge ola lililonse.

Chida chimenechi chimanama m'njira zodziwika. Chingwe chikauma, yonyowa imakwera n'kuyandikira youma, ndipo mudzaimitsa ntchito popanda chifukwa. Chikada ndi fumbi, kapena chikachita nkhungu ya mchere chifukwa cha madzi a pa mjigo, madzi sakweranso bwino, ndiye muzichisintha kawirikawiri ndipo ngati n'kotheka muzithira madzi a mvula. Bodza loopsa ndi lotsitsa nambala: kuika chida pa mthunzi pamene anthu ali pa dzuwa, kapena pa chitunda cha mphepo pamene anthu ali m'dzenje. Tsiku la Okutobala lija, pansi pa mtengo wa masamba ambiri muyeso ungatsike kufika pa 25, kusiyana ndi pa dzuwa ndi madigiri oposa atatu. N'chifukwa chake mthunzi umathandiza, ndipo n'chifukwa chakenso kapitawo wochenjera molakwika angaike chida pa mthunzi kuti nambala imukomere.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndekha, ndisatchule malo. Panali ntchito yokumba maziko, malipiro ake a mgwazo, ukamaliza ndime yako waweruka. Madzi analipo, chigubu chachikulu, koma chinali pa galimoto, mtunda wa mphindi zisanu. Bambo wina wa zaka za m'ma 40, wolimba ndithu, anali atatsala ndi pang'ono kuti amalize. Anzake anamuona akuponya dothi mobwezera m'dzenje momwe amalichotsa. Atamufunsa anawatukwana, munthu woti sankatukwana. Anzake aja anaseka, amvekere, "Akulu awa alawirira kachasu." Anatuluka m'dzenje akudzandira, nakhala pansi pa dzuwa pomwepo, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Mayi wina wogulitsa munkoyo ndi amene anamugwira pakhosi n'kukuwa kuti munthuyu akuwotcha ngati mbaula. Tinamukokera pa mthunzi, kumuvula, kumukhuthulira chigubu chonse chija, amayi akumupepeza ndi zitenje. Anachira, koma anagona m'chipatala masiku angapo. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti inenso ndinali pomwepo, ndipo mphindi zoyamba zija ndinakhulupirira nawo za kachasu.

Kutentha kumapweteka munthu mwa masitepe. Poyamba mutu umawawa, minofu ya m'miyendo ndi pamimba imakokana, munthu amamva chizungulire ndi nseru, mtima ukugunda mothamanga. Akafunsidwa dzina lake ndi la mudzi wake amayankha bwinobwino. Ameneyu mumugoneke pa mthunzi, miyendo muikweze, mumasule zovala, mumunyowetse, amwe madzi kapena ORS pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo asabwererenso pa ntchito. Ngati pakutha theka la ola sakupeza bwino, kapena akusanza, apite kuchipatala. Koma mutu ukangosokonezeka, kubwebweta, ukali wosadziwika bwino, kudzandira, kukomoka kapena kugwa ngati wakhunyu, ndiye kuti mkati mwa thupi mwafika madigiri 40 kapena kupitirira, ndipo ubongo, impso ndi chiwindi zayamba kuwonongeka. Ambiri tinaphunzitsidwa kuti munthu wotere khungu lake limakhala louma. Kwa wogwira ntchito yolemetsa nthawi zambiri si choncho, amakhala akutulukabe thukuta, monga bambo uja. Chizindikiro chodalirika ndi mutu, osati khungu.

Apa lamulo ndi loti muyambe kuziziritsa pomwepo, galimoto ikusakidwa. Ngati pali bafa, dramu lodula kapena mtsinje wosaya wopanda ng'ona, mumuviike thupi lonse mutu uli pamwamba, wina atamugwira. Ngati palibe, mumuthire madzi thupi lonse mosalekeza ndi kumupepeza mwamphamvu, ndipo mupitirize ali m'galimoto, mawindo ali otsegula. Kuchokera m'midzi ina kukafika ku chipatala cha St Luke's ku Mpanshya ndi ulendo wa maola, ndipo thupi silingadikire maola amenewo lili pa 41. Munthu amene sakudziwa kanthu musamumwetse chilichonse, angatsamwe, mumugoneke chammbali. Panado sathandiza pa vuto ili, chifukwa si kutentha thupi kwa matenda, ndipo angalemetse chiwindi chimene chavulala kale. Ndikudziwa kuti malungo aakulu amaonekanso chimodzimodzi, thupi kutentha, mutu kusokonezeka. Simungasiyanitse muli kumunda, ndipo simukuyenera kutero. Kuziziritsa sikupweteka wa malungo. Mukafika, muuze adokotala ntchito imene amagwira ndi nthawi imene anagwa, iwo ayeza magazi.

Za madzi ndinene mwachidule. Kapu imodzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, zimene zikukwana pafupifupi lita imodzi pa ola, osadikira ludzu, koma osapitirira lita imodzi ndi theka pa ola, chifukwa madzi ochuluka kwambiri opanda chakudya amasungunula mchere wa m'magazi. Gulu la anthu khumi pa maola asanu lifunika malita 50, zigubu za malita 20 ziwiri ndi theka, kuwonjezapo zina zothira munthu akagwa. Mchere umabwerera ndi chakudya, nsima ndi ndiwo zothira mchere mwa masiku onse. Thobwa ndi munkoyo wosasasa ndi zabwino, mowa wa dzulo ndi umene umafika nawe pa ntchito uli wouma kale. Mkodzo ndi umene umanena zoona: woyera ngati udzu wouma ndiye kuti zili bwino, wofiirira ngati tiyi komanso wochepa ndiye kuti impso zikuvutika. Kwa odula nzimbe a ku Nicaragua ndi El Salvador, matenda a impso apha anthu ambiri a zaka zogwira ntchito, ndipo ofufuza akuloza kwambiri kutentha ndi kuuma kwa thupi kobwerezabwereza tsiku ndi tsiku.

Ndatsala ndi nkhani imene imavuta kuposa masamu, ya malipiro. Bambo wa m'dzenje uja ankadziwa kuti chigubu chili pa galimoto. Sanapiteko chifukwa mphindi khumi zopita ndi kubwera zinali zake, osati za bwana. Pa ganyu wa ndime, kapena pamene munthu amalipidwa pa thumba, pa wilibala kapena pa njerwa, kupuma kulikonse kumatuluka m'thumba mwa wogwira ntchito. Mungamuuze kuti 29 yakwana, adzakuyankhani kuti, "Bwana, ana adya nambala?" Ndipo sakulakwa. Choncho inu olemba ganyu, inu akapitawo, chenjezo la kutentha ndi lanu musanalipereke kwa iwo. Ngati muyeso ukuti theka la ola lililonse ndi lopuma, ndime ya maola amenewo ichepe ndi theka pa mtengo womwewo, kapena ntchito isunthidwe ipite m'mawa. Chigubu chikhale pamene munthu angachifike osasiya khasu nthawi yaitali, ndipo ngati palibe mtengo pafupi, mitengo inayi ndi udzu kapena lona zimange chisakasa tsiku loyamba, ntchito isanayambe. Anthu agwire awiriawiri, chifukwa amene mutu wayamba kusokonezeka sadzizindikira yekha.

Ndipempha mafumu athu, a Mpanshya, a Bunda Bunda ndi a Shikabeta kudzera mwa nduna zawo, pamodzi ndi alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi a sayansi, kuti m'dera lililonse mupezeke chida chimodzi ndi kope limodzi. Wina aziwerenga 9 koloko, 11 koloko, 1 koloko ndi 3 koloko, kuyambira Seputembala mpaka Malichi, n'kulemba manambala onse atatu, tsiku, ndi ngati kunagwa mvula dzulo lake. Pakutha nyengo imodzi mudzadziwa maola amene dera lanu limadutsa 27.5, ndipo mudzaona kusiyana kwa kumtunda ndi kuchigwa ndi maso anu. Chida chimene ndabwera nacho ndachipachika panja pafupi ndi njinga zija kuyambira tisanalowe, mpira wakhazikika tsopano. Tikatuluka, akapitawo awiri awerenge mathemometa, wina agwire choko, tiwerengere limodzi nambala ya lero.